Kiyibodi ya maginito ndi Rapid Trigger: phindu lili pa kusiya batani

Makiyibodi a maginito, olembedwa HE pa katoni, ayamba kuoneka pakati pa anthu osewera magemu apakompyuta mu Blantyre muno. Ena amabwera ndi achibale ochokera ku Joni, ena amaitanitsidwa ku China, ndipo amene wagula ukamufunsa amangoti, "Aise, iyiyi ukangoigusa basi yayankha." Sakunama. Koma kuyankha msanga podina si chifukwa chomwe osewera Counter-Strike 2, Valorant ndi osu! akuthamangira makiyibodi amenewa. Chomwe chasintha kwambiri ndi nthawi yomwe kiyibodi imatenga kuti izindikire kuti chala chayamba kusiya batani. Munthu akamvetsa zimenezi amadziwa momwe angaitchunire, komanso amadziwa ngati ndalama zake zikuyenera kupita pa kiyibodi kapena pa chinthu china.

Tiyambe ndi swichi wamba yomwe ambiri timaidziwa, monga Cherry MX Red ndi zina zoikopera. Pansi pa batani lililonse pali kamtengo kapulasitiki kokhala pa sipulingi, ndipo pambali pake pali tizitsulo tiwiri topyapyala. Batani likatsika, tizitsuloti timakhudzana, magetsi n'kudutsa, kompyuta n'kuuzidwa kuti chilembo chadinidwa. Batani lonse limayenda 4.0 mm kuchokera pamwamba kufika pansi, ndipo tizitsulo timakhudzana pa 2.0 mm, pakati penipeni. Malo amenewa anaumbidwa kufakitale, simungawasunthe. Pobwerera nazonso n'chimodzimodzi: tizitsulo timalekana batani likakwera kufika cha pamalo omwewo. Choncho kiyibodi yotere imadziwa zinthu ziwiri zokha, kuti ladinidwa kapena silinadinidwe. Zonse zomwe chala chikuchita pakati pa 2.0 mm ndi pansi, iyo siziona.

Palinso kavuto kena. Tizitsulo tikagundana timanjanja kwa kanthawi kochepa kwambiri, kukhudzana n'kulekana kangapo tisanakhazikike. Pulogalamu ya mkati mwa kiyibodi imayenera kusefa kunjanjako kuti chilembo chimodzi chisalembedwe katatu, ndipo nthawi zambiri kusefako kumatenga mamilisekondi ngati 5. Swichi ikakalamba kapena ikalowa fumbi, kunjanja kumapitirira nthawi imeneyi, n'chifukwa chake kiyibodi yakale imayamba kulemba "aa" inu mutadina kamodzi.

Swichi ya maginito ilibe tizitsulo tokhudzana. Kunsonga kwa kamtengo kapulasitiki kaja kuli kamaginito kakang'ono, ndipo pa bolodi ya zamagetsi, pansi pa batani lililonse, pali sensa yomva mphamvu ya maginito. Batani likamatsika, kamaginito kamayandikira sensa, ndipo volteji yotuluka mu sensayo imasintha pang'onopang'ono motsatira mtundawo. Chipu cha kiyibodi chimawerenga volteji imeneyi kambirimbiri pa sekondi n'kuisandutsa nambala ya kuya: pano batani lili pa 0.7 mm, pano pa 2.9 mm. Zili ngati sikelo ya wogulitsa nyama mumsika wa Limbe, yomwe siimangonena kuti pali nyama kapena palibe, koma imawerenga kulemera kulikonse, ndipo mukachotsapo kanthuli kamodzi singano imabwerera nthawi yomweyo.

HE wa pa katoni uja ndi chidule cha Hall effect, ndipo H akuimira Edwin Hall, wophunzira wa pa yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore. Mu 1879 iye anadutsitsa magetsi m'kachidutswa kopyapyala ka golide n'kukaika pafupi ndi maginito. Anapeza kuti maginito amakankhira magetsiwo mbali imodzi ya kachidutswako, moti pakati pa mbali ziwirizo pamabadwa volteji yaing'ono, yomwe imakula mphamvu ya maginito ikamakula. Makiyibodi ogwiritsa ntchito njirayi si atsopano: kampani ya Micro Switch, nthambi ya Honeywell, inayamba kuwapanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo ankakondedwa chifukwa chosatha msanga. Koma akalewo ankangonena kuti ladinidwa kapena ayi. Kugwiritsa ntchito kuya konse pa magemu kunatchuka SteelSeries itatulutsa Apex Pro mu 2019, kenako Wooting, kampani yaing'ono ya ku Netherlands, yomwe kiyibodi yake ya 60HE ya mu 2022 ndi imene inachititsa kuti dzina la Rapid Trigger limveke paliponse.

Kiyibodi ikadziwa kuya kwa batani, malo oti "apa ladinidwa" amangokhala nambala mu pulogalamu. M'mapulogalamu ambiri otchunira nambalayi imalembedwa kuti `Actuation Point`, ndipo pa makiyibodi ngati 60HE mutha kuisuntha kuyambira 0.1 mm mpaka 4.0 mm, batani lililonse palokha. Mutha kuika W, A, S ndi D, mabatani oyendetsera munthu wanu mu gemu, pafupi ndi pamwamba kuti aziyankha msanga, ndipo batani la bomba kapena la luso lomwe limabwera kamodzi pa raundi n'kuliika pa 2.5 mm kuti musamaliguse mwangozi. Izi n'zothandiza, koma zokha sizithetsa vuto la pobwerera. Ndipotu zimalikulitsa. Mukaika batani pa 0.5 mm n'kulidina mpaka pansi, monga momwe ambiri timachitira mtima ukakhala m'mwamba, chala chiyenera kukwera 3.5 mm yonse kuti kiyibodi ivomere kuti mwasiya. Mwapindula podina, mwataya zambiri posiya.

Apa ndi pomwe `Rapid Trigger` imalowerera. Ikayatsidwa, kiyibodi imasiya kudalira malo amodzi okhazikika ndipo imayamba kuyang'ana komwe batani likulowera. Pamakhala nambala yachiwiri, yomwe nthawi zambiri imalembedwa kuti `Sensitivity`, yonena mtunda womwe batani liyenera kuyenda litatembenuka kuti kiyibodi isinthe ganizo.

Tiyerekeze kuti batani la A mwaliika pa 1.0 mm ndipo `Sensitivity` ndi 0.3 mm. Chala chikutsika. Chikadutsa 1.0 mm, A wayaka. Chikupitirira mpaka 3.6 mm, ndipo kiyibodi ikusunga nambala ya pomwe batani lafika pansi kwambiri. Mwayamba kukweza chala. Batani likangofika pa 3.3 mm, kutanthauza kuti lakwera ndi 0.3 mm kuchokera pomwe linatembenukira, A wazima, ngakhale kuti batani likadali pansi ndithu. Tsopano kiyibodi yayamba kusunga nambala ina, ya pomwe batani lafika pamwamba kwambiri. Tinene kuti chala chakwera mpaka 2.5 mm kenako mwasintha maganizo n'kudinanso. Pa 2.8 mm A wayakanso. Simunabwerere pamwamba, simunadutsenso 1.0 mm, koma gemu yalandira kudina kuwiri kosiyana. Batani likakwera kupitirira 1.0 mm, zonse zimayambiranso poyamba, ndipo liyenera kudutsanso 1.0 mm kuti liyake. Makiyibodi ena ali ndi `Continuous Rapid Trigger`, yomwe imapitiriza kutsatira chala ngakhale pamwamba pa malowa mpaka batani litamasukiratu.

Onani kuti palibe chilichonse chomwe kiyibodi yakuchitirani. Siinadine m'malo mwanu. Yangosiya kukudikiritsani kuti chala chifike pamzere womwe fakitale inajambula.

Nanga mu gemu zimasintha chiyani? Mu Counter-Strike 2 mfuti siilunjika bwino munthu akuthamanga. Ndi AK-47 m'manja liwiro lapamwamba ndi mayunitsi 215 pa sekondi, ndipo chipolopolo choyamba chimapita pomwe mwaloza liwiro likatsika kufika cha pa gawo limodzi mwa magawo atatu a liwiro limeneli. Kungosiya batani kumachedwa, chifukwa munthu wanu amatsetsereka kaye. Choncho osewera amaphunzira kuima mwa kudina mbali inayo: mukuyenda kumanzere ndi A, mwaona mdani, mukusiya A n'kugunda D kamodzi, munthu wanu n'kuima njo, n'kuwombera. Vuto limabwera A ndi D akayaka nthawi imodzi. Gemu imawaphatikiza n'kupeza ziro, ngati kuti simunadine chilichonse, moti D sakugwira ntchito yake yoimitsa mpaka A atazima.

Tiwerengere. Liwiro la chala limasiyana munthu ndi munthu, koma pofuna chitsanzo tinene kuti chikukwera 100 mm pa sekondi. Pa swichi wamba, kuchoka pansi pa 4.0 mm kufika cha pa 2.0 mm ndi ulendo wa 2 mm, womwe utenga mamilisekondi 20. Ndi `Sensitivity` ya 0.2 mm ulendowo utenga mamilisekondi 2. Kusiyana kwake ndi mamilisekondi 18. Pa sikirini ya 60 Hz chithunzi chimodzi chimakhala mamilisekondi pafupifupi 17, ndiye mwapindula ngati chithunzi chimodzi. Pa sikirini ya 144 Hz, pomwe chithunzi chimakhala mamilisekondi pafupifupi 7, mwapindula zithunzi ziwiri ndi theka. N'zochepa, koma zimachitika pa kuima kulikonse, ndipo zimagwera nthawi yomwe inu ndi mdani mukulimbirana kuwombera koyamba. Chomwe ine ndimachiona kuti n'chofunika kuposa liwirolo ndi kufanana kwake. Pa swichi wamba nthawi yosiya imadalira momwe munadinira: mukadina mpaka pansi imatalika, mukadina mwatheka imafupika. Ndi `Rapid Trigger` mtunda wosiyira ndi womwewo nthawi zonse, choncho dzanja limaphunzira kayendedwe kamodzi n'kukadalira.

Mu Valorant munthu amaima msanga mukangosiya batani, choncho kusiya kofulumira kumamveka mwachindunji. Mu osu!, momwe zala ziwiri zimagunda mabatani awiri mosinthana mothamanga kwambiri, phindu ndi lakuti chala sichifunika kukwera kwambiri kuti kugunda kotsatira kuwerengedwe. Koma ngati gemu yanu ndi mpira wa pa PlayStation wogwiritsa ntchito padi, kapena PUBG ya pa foni, nkhani yonseyi sikukukhudzani.

Mutha kudziyesa nokha mu Counter-Strike 2. Tsegulani mapu oyeserera muli nokha, n'kulemba izi mu konsolo:

```
sv_cheats 1
cl_showpos 1
```

Pakona ya sikirini padzaoneka manambala, ndipo `vel` ndi liwiro lanu. Yendani kumanzere, imani pogunda D, n'kuona momwe nambalayo ikugwera. Ikamagwa msanga kufika pafupi ndi ziro, zili bwino. Ikagwa kenako n'kukweranso, D akukhalitsa kapena akuyaka mofulumira kuposa momwe munazolowera, moti mwayamba kuyenda kumanja. Zimenezi zimachitikira pafupifupi aliyense amene wangosintha kiyibodi, chifukwa dzanja linazolowera kudina D mowonjezera kuti lilipire kuchedwa kwa A komwe tsopano kulibe.

Cholakwa chofala ndi kutsitsa nambala zonse kufika pa 0.1 mm tsiku loyamba, poganiza kuti yaing'ono ndiye yachangu. Pali zifukwa ziwiri zomwe zimenezi zimasokonezera, china cha chala, china cha maginito.

Cha chala n'chosavuta. Palibe munthu amene chala chake chimakhala chete ngati mwala. Mukagwira W kwa nthawi yaitali mukuthamanga, ndipo chala china chikutambasukira pa R kapena pa 3, dzanja lonse limapendekeka pang'ono ndipo W amakwera ndi kachigawo ka milimita. Pa 0.1 mm kiyibodi imati mwasiya. Chizindikiro chake ndi munthu wanu kuima kapena kudodoma pakati pa msewu inu musanafune. Mbali inayo, `Actuation Point` ikakhala pamwamba kwambiri, kulemera kwa zala zongopumira pa mabatani kumakwana kuwayatsa. Tsegulani Notepad, ikani dzanja monga mumaikira posewera, gwedezani mbewa ngati mukulondola mdani. Zilembo zikayamba kudzilemba zokha, nambala yanu yachepa.

Cha maginito n'chobisika pang'ono. Mphamvu ya maginito siikula mofanana pa ulendo wonse. Kamaginito kakakhala kutali ndi sensa, batani lili pamwamba, kuyenda kwa 0.1 mm kumasintha volteji pang'ono kwambiri. Kakayandikira, mtunda womwewo umaisintha kwambiri. Ndiye kuti kiyibodi imaona bwino pansi kuposa pamwamba, ndipo pamwamba pomwe ambiri amafuna kuika nambala zawo ndi pomwe phokoso la magetsi mu sensa limasokoneza mosavuta. Pansi napo pali vuto lake. Kamtengo kapulasitiki kamagwedera pang'ono m'nyumba yake, ndipo popeza pamenepo sensa imamva kwambiri, kupendekera kwa kamaginito kumatha kuwerengedwa ngati kukwera. N'chifukwa chake mapulogalamu ambiri ali ndi `Dead Zone`, kadera kakang'ono pamwamba ndi pansi komwe kiyibodi imanyalanyaza kuyenda. Katoni ikalemba kuti 0.01 mm, imeneyo ndi nambala yomwe pulogalamu ikulolani kulemba. Sizitanthauza kuti swichi yogwedera ingayeze bwino mtunda wochepa chotero.

Poyambira pabwino, m'kuona kwanga, ndi kuika A ndi D cha pa 1.0 mm ndi `Sensitivity` ya 0.3 kapena 0.4 mm, n'kumatsitsa pang'onopang'ono mpaka mutaona chilembo choyamba chodziyatsa kapena chodzizimitsa, kenako n'kubwerera sitepe imodzi. Ngati pulogalamu ikulola kupatula nambala ya podina ndi ya posiya, chepetsani ya posiya yokha, chifukwa kumeneko ndi komwe kuli phindu. Pa Shift, Ctrl ndi mabatani ena ogwira nthawi yaitali, `Rapid Trigger` izimitseni, popeza kusiya mwangozi batani loyendera mwakachetechete kumakuululani kwa mdani. Ndipo ngati kiyibodi yomweyo mumalemberanso ma asainimenti, sungani pulofayilo ina ya 2.0 mm yopanda `Rapid Trigger`.

Kiyibodi yotere imayeneranso kudziwa volteji ya batani lililonse likakhala pamwamba ndi likakhala pansi, chifukwa timaginito sitimafanana ndendende. Yambiri imawerenga ya pamwamba nthawi yomwe ikuyaka. Kuno komwe magetsi amatha kuzima n'kubwera munthu ali kwina, n'zotheka kuti kiyibodi iyake buku kapena foni itatsamira mabatani, n'kutenga malo olakwika ngati pamwamba. Mukaona mabatani ena akuchita zachilendo magetsi atangobwera, chotsani chilichonse chili pamwamba, zulani chingwe n'kulumikizanso, ndipo ngati sizikusintha gwiritsani ntchito `Calibration` mu pulogalamu, momwe mumadina batani lililonse mpaka pansi. Kutentha nakonso kumafooketsa maginito pang'ono, ndiye kiyibodi yotsika mtengo yomwe munaitchuna pa nambala zothina kwambiri m'chiperoni cha mu Juni itha kufuna kuyezedwanso dzuwa la Okutobala likafika. Foni ya kava ya maginito kapena sipika musamaziike pa kiyibodi penipeni. Fumbi la nthawi yachilimwe silingalepheretse magetsi kudutsa monga limachitira pa tizitsulo, ndipo imeneyi ndi mbali yabwino kwa ife, komabe limalowa m'njira ya kamtengo n'kuchititsa batani kukhakhala.

Pali chinthu china chomwe anthu amachisokoneza ndi `Rapid Trigger`, ndipo ndi chimene chinabweretsa mkangano. Mu 2024 Razer inatulutsa `Snap Tap`, ndipo Wooting inatsatira ndi yake yofanana nayo, yotchedwa `SOCD`. Izi zimachita zosiyana: mukagwira A n'kudina D, kiyibodi imazimitsa A yokha ngakhale chala chanu chikadali pomwepo. Apa kiyibodi yakuchitirani gawo la luso lomwe mumayenera kuchita nokha. Mu Ogasiti 2024 Valve, kampani yopanga Counter-Strike 2, inaletsa zimenezi pa maseva ake a gemuyi, ndipo wopezeka nazo amatulutsidwa m'mpikisano umene akusewera. `Rapid Trigger` payokha sinaletsedwe. Ngati pulogalamu ya kiyibodi yanu ili ndi `SOCD` kapena dzina lina lotere, izimitseni musanalowe.

Tsopano za thumba. Wooting 60HE inkagulitsidwa pafupifupi madola 175 musanawonjezere mtengo wotumizira ndi msonkho, ndipo aliyense amene anayesapo kulipira chinthu cha kunja ndi khadi masiku ano akudziwa kuti madola savuta mtengo wokha, amavutanso kuwapeza. Makiyibodi a ku China otsika mtengo alipo ambiri, ena abwino ndithu. Musanagule yerekezerani mamilisekondi 18 aja ndi kuchedwa kwina komwe muli nako. Seva ya Counter-Strike 2 yoyandikira kwa ife ili ku Johannesburg, ndipo pingi ikamadumphadumpha madzulo chifukwa mukusewerera pa hotisipoti ya foni, kiyibodi singakonze zimenezo. Kuyenda kwanu mudzakumva bwino pa sikirini yanu, koma uthenga wopita ku seva ukuchedwabe chimodzimodzi. Ngati laputopu ikutulutsa zithunzi 45 pa sekondi, kapena sikirini ndi ya 60 Hz, ndalama zomwezo zingachite zambiri pa sikirini ya 144 Hz kapena pa intaneti yokhazikika ya chingwe. Nambala ya 8000 Hz yomwe otsatsa amaikuza isakunyengeni: kiyibodi ya 1000 Hz imalankhula ndi kompyuta pa milisekondi iliyonse, ya 8000 Hz pa 0.125, choncho kusiyana sikufika ndi milisekondi imodzi yomwe.

Amene akugula yogwiritsidwapo kale ntchito kwa mnzake ku Chichiri kapena ku Ndirande asamangodalira zolembedwa pa katoni. Si kiyibodi iliyonse ya `Rapid Trigger` yomwe ili ya maginito: Huntsman V3 Pro ya Razer imayeza kuya pogwiritsa ntchito kuwala, ndipo imachita ntchito yomweyo. Komanso Apex Pro zambiri zili ndi maswichi a maginito pa mabatani a zilembo ndi oyandikana nawo okha, enawo ndi wamba. Pemphani wogulitsa atsegule pulogalamu yotchunira, pezani tsamba loonetsa kuya kwa batani nthawi yomweyo, n'kudina W, A, S ndi D pang'onopang'ono limodzi limodzi. Mzere uzitsika mosalala kuyambira ziro mpaka pansi, usamanjenjemere chala chikaima, ndipo ubwerere pa ziro mukasiya. Funsaninso mtundu wa maswichi omwe ali mkatimo. Swichi ya maginito simungaisinthe ndi ya MX wamba yomwe mungaipeze mu shopu ya makompyuta mtauni, ndipo ngakhale ya maginito ya kampani ina itha kukana ngati kamaginito kake kali ndi mphamvu yosiyana kapena kanaikidwa moyang'ana mbali ina. Ngati mukuitanitsa kunja, onjezani maswichi angapo a mtundu womwewo mu oda yomweyo.